Zaka zisanu pakampani si zaka zisanu m'thumba la penshoni

*Funso: Ndimagwira ntchito mu ofesi yoona za antchito pa kampani ina yogula mbewu kuno ku Ulongwe. Kuwonjezera pa INSS, kampani yathu ili ndi thumba lakelake la penshoni. Anthu amabwera kudzandifunsa kuti akudulidwa zingati, akasiya ntchito adzatenga zingati, nanga adzapuma ali ndi zaka zingati. Malamulo a thumbalo ndi chibuku cha Chipwitikizi cha masamba 40. Panopa dalaivala wathu wina akufuna kusiya ntchito kumapeto kwa Juni, akuti wakwanitsa zaka zisanu. Ndiyambire pati kuti ndisamunamize?*

Mayi, bambo ameneyo musamuyankhe lero, ndipo mumupemphe kuti kalata yosiyira ntchito ayambe waisunga m'thumba. Abwerenso mkuja atatenga chitupa chake cha BI, makontirakiti onse amene anasainapo chilowereni pakampanipo, ndi kapepala ka malipiro ka mwezi watha. Masiku awiri amenewo ndi oti inu mukhale pansi ndi bukulo. Ndikutero chifukwa funso lake likuoneka lophweka, koma yankho lake lagona pa tsiku limodzi lokha, tsiku limene bukulo limayambira kuwerenga zaka, ndipo tsiku limenelo nthawi zambiri si limene munthu anayamba kugwira chiwongolero.

Choyamba muzilekanitsa m'mutu mwanu miphika iwiri, chifukwa antchito amaisakaniza ndipo nawonso a mu ofesi amatengeka. Mphika wa INSS malamulo ake anakhazikitsa ndi boma, ndipo ndi amodzi ku Ulongwe, ku Moatize ngakhale ku Maputo. Amachokera mu Lei 4/2007 ndi ndondomeko yake ya Decreto 51/2017. Kumeneko amasonkha 7 peresenti ya malipiro: wantchito 3, kampani 4. Mphika wachiwiri ndi thumba la kampani, longowonjezera pamwamba pa INSS. Mathumba otere amayendetsedwa motsata Decreto 25/2009 ndipo amayang'aniridwa ndi bungwe la boma loona za inshulansi, koma manambala amene antchito anu akufunsa, oti ndidulidwa zingati, nditenga zingati, ali m'buku la masamba 40 lija basi. Kampani yoyandikana nanu ikhoza kukhala ndi manambala ena kotheratu.

Kuno kumalire kuli chosokoneza china chimene anzathu a ku Beira sachidziwa. Anthu athu amamvera wayilesi za ku Malawi, ndipo ambiri ali ndi achibale ogwira ntchito ku Dedza ndi ku Lilongwe. Ku Malawi lamulo limati bwana asonkhe 10 peresenti, wantchito 5. Ndiye munthu amalowa mu ofesi ali ndi manambala amenewo, n'kumakhulupirira kuti kampani ikumubera. Wina mkazi wake ndi mphunzitsi, ndiye amabwera ndi malamulo a antchito a boma, amene nawonso ali ndi njira yawoyawo. Musanatsegule buku lililonse, mufunseni munthuyo kuti nambala imene akunenayo anaimva kuti. Mukadziwa kumene yachokera, mkangano umachepa usanayambe.

Tsopano bukulo. Musanawerenge chiganizo n'chimodzi chomwe, yang'anani tsiku limene linasainidwa ndi tsiku limene linayamba kugwira ntchito, kenako mufunse ngati pali zosintha zimene zinabwera pambuyo pake. Zosinthazo zimabwera pa timapepala tiwiri kapena titatu ta mutu woti `adenda`, ndipo kawirikawiri sitimatidwa kubukuko. Timakhala m'kabati ya mkulu wa zachuma kapena mu imelo ya munthu amene anachoka kalekale. Njira yachidule ndi kulembera kampani imene imayendetsa thumbalo, imene m'bukumo imatchedwa `entidade gestora`, kuti ikutumizireni malamulo amene akugwira ntchito lero pamodzi ndi zosintha zonse. Kosintha kalikonse mukawerenge ndi funso limodzi: kodi kakukhudza onse, kapena okhawo amene analowa pambuyo pa tsiku lakutilakuti? Pali makampani amene anthu awiri okhala desiki imodzi amatsata malamulo osiyana chifukwa wina analowa m'thumba chaka chimodzi patsogolo pa mnzake. Ndipo kabuku kakang'ono kokongola kamene amagawa pamsonkhano wa antchito musakayese lamulo. Kamafupikitsa zinthu, ndipo kakasiyana ndi buku lalikulu, chimene chimatsatidwa ndi buku lalikulu.

Masamba 40 asakuopseni, chifukwa amene mukuwafuna sapitirira asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri. Koma muyambire kumene anthu ambiri amadumpha, ku masamba oyambirira a matanthauzo a mawu, pa mutu wa `Definições`. Mumve bwino mawu atatu. `Participante` ndi wantchito amene ali m'thumba. `Beneficiário` ndi amene ali ndi ufulu wolandira, kaya mwini wakeyo atapuma kapena amasiye ake. Koma `associado` si wantchito ayi, ndi kampaniyo. Ndinaonapo mlembi wina atauza antchito kuti azidulidwa 8 peresenti chifukwa anawerenga "zosonkha za associado" n'kuganiza kuti akunena mamembala, pamene ankanena gawo la bwana. Ngati bukulo muli nalo pakompyuta, dinani `Ctrl+F` n'kusaka mawu awa limodzilimodzi, ndipo paliponse pamene apezeka mulembe nambala ya ndime yake papepala:

```
salário pensionável
tempo de serviço
direitos adquiridos
idade normal de reforma
```

Buku lina likhoza kugwiritsa ntchito mawu osiyanako pang'ono, koma zinthu zinayizi zimakhalamo: malipiro amene amadulidwapo, mmene amawerengera nthawi ya ntchito, gawo limene lasanduka la munthu, ndi zaka zopumira.

Tiyeni titenge dalaivala wanuyo kuti tione mmene zimayendera. Manambala a thumba amene ndigwiritse ntchito ndi achitsanzo chabe, inu muikepo a m'buku lanu. Tinene kuti buku likuti wantchito asonkhe 5 peresenti, kampani 8 peresenti. Munthu wothamanga amaimira pomwepo n'kukauza anthu kuti "ndi 5 ndi 8." Koma 5 peresenti ya chiyani? Mukabwerera ku matanthauzo mupeza, tinene, kuti malipiro odulidwapo ndi malipiro oyambira okha, osaphatikizapo ndalama za maola owonjezera kapena bonasi iliyonse. Dalaivalayo tinene kuti malipiro ake oyambira ndi 20,000 MT, ndipo amalandiranso bonasi ya kukhalitsa pantchito ya 2,000 MT mwezi uliwonse, zonse pamodzi 22,000 MT.

INSS siyang'ana malipiro oyambira okha. Bonasi ya kukhalitsa ndi ndalama zina zimene munthu amalandira mokhazikika mwezi ndi mwezi zimawerengedwa nawo. Choncho 3 peresenti ya 22,000 ndi 660 MT, ndipo kampani imaikapo 880 MT. Thumba la kampani likudula pa 20,000 pokha: wantchito 1,000 MT, kampani 1,600 MT. Pakapepala kake ka malipiro payenera kuoneka mizere iwiri, 660 ndi 1,000, zonse 1,660 MT. Iyeyo akaphatikiza 3 ndi 5 n'kupeza 8, n'kuwerengera pa 22,000 pafoni yake, apeza 1,760 MT, ndipo abwera kudzafunsa kuti 100 MT ija ikupita kuti. Siikupita kulikonse. Maperesenti awiriwo akudulidwa pa milu iwiri yosiyana. Ndi chifukwa chake ine sindiyankha munthu ndi peresenti yokha. Ndimatenga kapepala kake, n'kuwerengera naye limodzi mpaka nambala yanga ifanane ndi imene yasindikizidwa. Zikakana kufanana, sindithamangira kunena kuti wantchito walakwitsa, chifukwa nthawi zina amene walakwitsa ndi amene anaika manambala mu kompyuta ya malipiro, mwina anadula thumba pa malipiro onse m'malo mwa oyambira. Pamenepo mwapeza vuto lokhudza antchito onse, osati mmodzi, ndipo liyenera kukafika kwa mkulu wa zachuma tsiku lomwelo.

Pa ndime ya zosonkhayo muonenso ngati ndalama zoyendetsera thumba, kapena za inshulansi ya imfa ndi kulumala, zimachotsedwa pa 8 peresenti ya kampani ija. Zikamachotsedwa, si 1,600 yonse imene imalowa mu akaunti ya munthu, ndipo akadzaona chikalata chake cha pachaka adzadabwa ngati munamuuza kuti imalowa yonse.

Tafika pamene pali nkhani yeniyeni ya dalaivala wanu. Mawu akuti `direitos adquiridos` akunena za ufulu umene munthu wautenga kale, woti ngakhale atachoka pakampani sungamulandidwenso. Ndalama zimene kampani imamusonkhera zimalembedwa m'dzina lake mwezi ndi mwezi, ndipo amaziona pachikalata, koma kuziona si kukhala nazo. Zili ngati mbuzi yoweta mogawana: ili m'khola mwanu, mukuidyetsa, koma kuti ana ake angati akhale anu zimadalira pangano ndi nthawi imene mwaisunga. Zimene munthu anasonkha yekha pa malipiro ake zimakhala zake. Mkangano umakhala pa gawo la kampani.

Tinene kuti buku lanu likuti: wochoka asanakwanitse zaka 3 satenga kanthu pa gawo la kampani, wa zaka 3 koma zosakwana 5 amatenga theka, wa zaka 5 kapena kuposa amatenga zonse. Dalaivala akuti wakwanitsa zisanu, ndipo sakunama. Tinene kuti anayamba pa 1 Malichi 2020, nthawi yokonzekera kugula mbewu, pa kontirakiti ya nyengo. Ataona kuti ndi munthu wodalirika anamulemba ntchito yokhazikika pa 1 Okutobala 2020, ndipo ndi mwezi umenewo pamene anamulowetsa m'thumba. Kuchokera pa 1 Malichi 2020 kufika pa 30 Juni 2025 ndi zaka 5 ndi miyezi 4. Kuchokera pa 1 Okutobala 2020 kufika tsiku lomwelo ndi miyezi 57, kutanthauza zaka 4 ndi miyezi 9. Mawerengedwe onse awiri ndi olondola. Amene agamule kuti titsate ati ndi chiganizo chimodzi cha ku matanthauzo kuja. Chikanena kuti nthawi ya ntchito ndi nthawi yonse imene munthu wagwirira kampani, bamboyu ali pa gawo la zonse. Chikanena kuti ndi nthawi imene wakhala m'thumba, kapena nthawi ya ntchito yokhazikika, ali pa gawo la theka.

Tiziike m'ndalama kuti muone kukula kwake. Kuti tisazunguzike, tinene kuti malipiro ake sanasinthe zaka zonsezi, ndipo phindu limene thumba lapanga tiliike pambali. Pa miyezi 57 wasonkha yekha 57,000 MT, ndipo kampani yamusonkhera 91,200 MT. Ngati buku likuwerenga kuyambira Okutobala ndipo iye achoka kumapeto kwa Juni, gawo lake ndi 57,000 kuphatikiza theka la 91,200, lomwe ndi 45,600, zonse pamodzi 102,600 MT. Theka linalo, 45,600 MT, walisiya. Akapirira miyezi itatu mpaka pa 30 Seputembala, miyezi ikwana 60: zake 60,000, za kampani 96,000 zonse, pamodzi 156,000 MT. Kusiyana kwake ndi 53,400 MT, ndalama zoposa malipiro ake a miyezi iwiri. Kwa bambo wa ana asukulu, ameneyo ndi feteleza wa chaka chonse ndi malata angapo pamwamba.

Nkhaniyi imandikhudza chifukwa ndinalakwitsapo ndekha. Ndili wachinyamata pantchito, pa kampani ina, anabwera mayi wina wosesa m'maofesi, atavala chitenje chake chatsopano, kudzandiuza kuti akufuna kubwerera kumudzi kukasamalira amayi ake odwala. Anandifunsa ngati zaka zake zakwana. Ndinatsegula faelo yake, ndinaona tsiku loyambira ntchito pachikuto, ndinawerenga ndi zala, n'kumuuza kuti zakwana. Sindinatsegule tsamba la matanthauzo, ndipo sindinadziwe kuti miyezi yake yoyesedwa ntchito sinkawerengedwa. Anapereka kalata. Chikalata chochokera kwa oyendetsa thumba chitafika, anali atapereweza miyezi iwiri. Anabwera nacho atachipinda kanayi, anachiyala patebulo langa n'kuchisalaza ndi chikhato, ndipo sanakalipe. Anangoti, "Koma munati zakwana." Tinalemba makalata, tinapempha, koma lamulo linali lomveka ndipo kalata yake inali italandiridwa kale. Chichokereni tsiku limenelo sindinayankhepo funso la zaka ndisanaone tsiku lolowera m'thumba lolembedwa ndi oyendetsa thumba eni ake.

Nanunso chitani chimodzimodzi. Tsiku lolowera m'thumba musalitenge pa faelo ya mu ofesi mwanu. Litengeni pa fomu imene anasaina polowa, kapena pa chikalata chake cha pachaka, ndipo ziwirizo zikasiyana funsani oyendetsa thumba kuti m'mabuku mwawo muli liti. Pa ndime yomweyo muyang'ane timawu ting'onoting'ono. Likanena `anos completos`, ndiye kuti zaka 4 ndi miyezi 11 ndi zaka 4 basi, palibe zozunguliza. Onaninso chimene likunena za kudukiza. Pa makampani ogula mbewu ngati yanu anthu ambiri anayamba ndi makontirakiti a nyengo, kugwira miyezi isanu, kupuma, n'kubweranso chaka chamawa. Buku likafuna nthawi yosadukiza, nyengo zoyambazo zimatayika ngakhale munthuyo atazigwira ndi thukuta lake. Tchuthi chosalipidwa nacho mabuku ena amachichotsa. Ndipo tsiku lochokera ndi tsiku limene kontirakiti ikutha, osati limene kalata yaperekedwa, choncho masiku a chidziwitso muwawerengere bwino ngati munthu ali pafupi ndi malire.

Kenako muone ngati tebulo la zaka lija, la 3 ndi 5, ndi limodzi pa njira zonse zochokera. Mabuku ambiri amasiyanitsa wosiya yekha, wochotsedwa chifukwa ntchito yachepa, wochotsedwa chifukwa cha mlandu, wolumala ndi womwalira. Kawirikawiri tebulo la zaka limakhudza wosiya yekha, pamene wolumala kapena banja la womwalira amapatsidwa zonse posatengera zaka. Mukangoloweza tebulo limodzi n'kumayankhira nalo aliyense, tsiku lina mudzauza mkazi wamasiye ndalama zochepa kusiyana ndi zimene ayenera kulandira.

Pali funso linanso limene dalaivalayo sanafunse koma ndi limene lili mumtima mwake: kodi ndalamazo azigwira m'manja liti? Kuti ndalama zasanduka zake sizitanthauza kuti azilandira mwezi wamawa. Ndime ina, nthawi zambiri yotsatira pomwepo, imanena chochita nazo. Mwina amapatsidwa zonse nthawi imodzi, mwina zimasamutsidwira ku thumba la kampani yatsopano, mwinanso zimakhala momwemo mpaka atakwanitsa zaka zopumira. Ngati bamboyu akusiya ntchito chifukwa akufuna kugula minibasi yoyenda pakati pa Ulongwe ndi Tete ndi ndalama zimenezi, ndime imeneyi ndi yaikulu kwa iye kuposa tebulo lija. Muifufuze ngakhale sanaifunse, pamodzi ndi zoti pali msonkho kapena ngongole ya pakampani imene ichotsedwe.

Za zaka zopumira, apanso miphika ndi iwiri. Ku INSS mwamuna amapuma ali ndi zaka 60, mkazi 55, koma zaka zokha sizikwanira: pamafunikanso miyezi 240 imene ndalama zinalowadi. Amene wakwanitsa miyezi 420 akhoza kupuma posatengera zaka zake zobadwa. Amene zaka zobadwa zakwana koma miyezi yake ili pakati, yosachepera 120 koma yosafika 240, amalandira penshoni yochepetsedwa. Achikulire ena adzakuuzani kuti kusonkha zaka 10 n'kokwanira. Akukumbukira lamulo lakale la 2007, limene linkafuna zaka 20 chilembetsereni ndi zaka 10 zosonkha, ndipo linalowedwa m'malo ndi la 2017. Malamulo a boma nawo amasinthidwa, choncho kamodzi pachaka muzifunsa ku ofesi ya INSS ya m'boma lanu ngati manambalawa akadali momwemo.

Dalaivala wanuyo tinene kuti anabadwa mu Malichi 1971, ndiye zaka 60 adzakwanitsa mu Malichi 2031. Pakampani panu, ngati INSS inayamba kudulidwa kuyambira kontirakiti ya nyengo ija, ali ndi miyezi 64 pofika Juni 2025. Tinene kuti kale anagwirapo ku Moatize miyezi 70. Pamodzi ndi 134. Ngakhale atasonkha mwezi uliwonse osadumpha kuyambira Julaye 2025 mpaka Malichi 2031, awonjezera 69 yokha n'kufika 203, osafika 240. Mukangomuuza kuti "mudzapuma pa 60," mwamuuza zoona zimene zimusocheretse, chifukwa iye amva kuti pa 60 adzayamba kulandira penshoni yathunthu. Ndipo akasiya ntchito n'kukayendetsa galimoto yakeyake osasonkha, adzakhala pa 134 pomwepo. INSS ili ndi njira yoti munthu wosiya ntchito apitirize kusonkha yekha 7 peresenti yonse, ndipo ndi bwino akaifunse asanachoke. Miyezi yakeyo musaiwerengere pa makontirakiti ayi. Kudulidwa pakapepala si umboni woti ndalama zinafika, chifukwa kampani ina imadula koma osatumiza. Muuzeni ayang'ane yekha pa M-Contribuição, tsamba la INSS la pa intaneti, kapena apite ku ofesi ya INSS akatenge chikalata cha miyezi yake yonse. Mipata ikaoneka, ndi bwino kuilondola pano kampani yakaleyo ikadalipo kusiyana ndi mu 2031.

Thumba la kampani lili ndi zaka zakezake, ndipo musaganize kuti zikufanana ndi za INSS musanawerenge. Buku lina limangoti zaka zopumira ndi zomwe za INSS. Lina limaika nambala imodzi ya amuna ndi akazi omwe, tinene 60, ndipo pamenepo mayi wa zaka 55 akhoza kukhala woyenera penshoni ya INSS koma ku thumba la kampani n'kuonedwa ngati wopuma msanga. Sakani mawu oti `reforma antecipada` kuti muone ngati kupuma msanga n'kololedwa, kuyambira zaka zingati, ngati kumafuna chilolezo cha kampani, ndiponso ngati ndalama zimachepetsedwa. Onaninso tsiku lenileni: mabuku ena amati tsiku lobadwa, ena amati tsiku loyamba la mwezi wotsatira.

BI ndinaitchula poyamba paja chifukwa cha tsiku lobadwali. Anthu ambiri a msinkhu wa bamboyu anabadwira kumudzi, ena anakulira kumisasa ya othawa nkhondo ku Malawi n'kudzalembetsa atabwerera pambuyo pa mtendere wa 1992, ndipo chaka chobadwa chinalembedwa mongoyerekeza. Si zachilendo kupeza 1971 pa BI, 1969 ku INSS, ndi 1973 pa fomu ya thumba. Ikani mapepala atatuwo pamodzi patebulo. Akasiyana, muyambe kukonza tsopano, chifukwa tsiku lopuma likadzafika palibe amene adzalipire mpaka manambalawo atagwirizana.

Zimene mwapezazi mulembe pa tsamba limodzi loti lizikhala m'dirowa yanu, koma nambala iliyonse iziyenda ndi tanthauzo lake ndi ndime imene yachokera. Osalemba "5 peresenti" chabe, koma "5 peresenti ya malipiro oyambira, ndime yakuti, buku la chaka chakuti." Pamwamba pa tsambalo mulembe tsiku limene mwalikonza, ndipo kosintha katsopano kakabwera mulikonzenso tsiku lomwelo. Mafunso wamba, oti timadulidwa zingati, mungayankhe pomwepo ndi tsambali. Koma funso lililonse limene munthu akufuna kuchitapo kanthu kosabwezeka, monga kusiya ntchito kapena kupuma msanga, lidutse kaye kwa oyendetsa thumba, ndipo yankho lawo libwere lolembedwa. Mawu a pafoni sadzakuthandizani tsiku la mkangano.

Kumuuza kuti asiye kapena asasiye si ntchito yanu, ndipo samalani kuti asamve ngati kampani ikumukakamiza kukhala. Mwina ntchito imene akupitako ndi yabwino moti 45,600 MT aitaya akudziwa. Chanu n'chakuti aone manambala onse awiri asanasankhe. Akabwera mkuja, mukhale naye pansi chitseko chili chotseka, mumufotokozere m'Chichewa, kenako mumupatse pepala lalifupi lolembedwa motere, mutaikamo manambala enieni a m'buku lanu:

"Bambo, malinga ndi malamulo a thumba amene akugwira ntchito lero, zaka zanu zikuwerengedwa kuyambira pa 1 Okutobala 2020, tsiku limene munalowa m'thumba. Mukachoka pa 30 Juni 2025 mudzakhala ndi miyezi 57, ndipo mudzatenga zonse zimene munasonkha nokha ndi theka la zimene kampani inakusonkherani. Mukachoka pa 30 Seputembala 2025 kapena pambuyo pake, mudzatenga zonse. Ndalama zenizeni, ndi tsiku limene mungazilandire, tafunsa kwa oyendetsa thumba ndipo tikupatsani kalata yawo ikangofika. Za INSS ndi nkhani ina payokha, ndipo tikupempha kuti mukatenge chikalata cha miyezi yanu."

Pepalalo mulichite kope, lina atenge, lina lilowe mu faelo yake. Ngati kuwerenga kumamuvuta, muwerengereni mokweza, kenako mumupemphe kuti akubwezereni m'mawu akeake masiku awiri aja ndi zimene atenge pa tsiku lililonse. Akalakwitsa pobwereza, yambiraninso pa tsiku la 1 Okutobala.